Kope lolembedwa "Ngongole" pachikuto

Amama anandiimbira foni Lachiwiri masana, ndili pakati pa matumba a feteleza. Inali sabata yachiwiri ya Novembala, nthawi yomwe sitolo ya zaulimi yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Chipata imadzaza mpaka pakhonde, aliyense akufuna mbewu ndi feteleza mvula isanagwe. Anati mutu ukuwawa kuyambira dzulo lake. Ndinawafunsa ngati akumwa mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, anati akumwa. Ndinati, "Mupumuleko, Amama, musapite kumunda dzuwa lonseli. Ndibwera Loweruka." Lachinayi anagwa kuseri kwa nkhokwe, kumudzi kwathu cha ku Chadiza. Pofika kuchipatala mbali imodzi ya thupi inali itafa kale ndipo samatha kulankhula. Lamlungu m'mawa anatisiya.

Pamaliro sindinalire, ndipo sichinali chamuna ayi, nthawi yolirira ndinalibe. Ine ndiye woyamba kubadwa. Kope la chipepeso linali m'manja mwanga, ine ndinkawerenga matumba a ufa, kufunafuna galimoto ya nkhuni, kukambirana ndi kalipentala za bokosi, kuonetsetsa kuti adzukulu alandira nsima yawo kumanda. Amayi ankalira m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja kuotha moto. Anzanga achibemba anabwera ndi chimbuya chawo, kundipaka ufa kumaso, anthu n'kuseka, inenso n'kuseka nawo. Titameta, amalume anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwalimba mtima, mphwanga, mwatichotsa manyazi." Lolemba lotsatira ndinali pa kauntala kulemba malisiti.

Zinayamba kundipeza mu Febuluwale. Anthu ali kalikiliki ndi Nc'wala ku Mtenguleni, ine ndinkadzuka 3 koloko usiku uliwonse ngati wina wandigwedeza, ndipo tulo osabweranso. Kuntchito ndinalemba lisiti imodzi kawiri, chinthu chomwe sindinachitepo pa zaka 11. Mapasa athu akangogwetsa kapu ndinkakalipa mpaka mayi awo kundiyang'ana modabwa. Ndiye panali thumba la mtedza wosasenda lomwe Amama anatitumizira mu Ogasiti. Linali pakona m'chipinda chosungiramo katundu, pakamwa pake atamanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje chawo chakale, mfundo ziwiri monga ankamangira chilichonse. Ndinaletsa aliyense kulimasula. Makoswe anayamba kuliboola pansi, koma ine osalola.

Kunena zoona, anthu ondimvera analipo. Koma chomwe chinkandidya sichinali choti n'kuchitulutsa pagulu. Ukauza abale kuti "ndikanapita Lachiwiri lomwelo", ena amakutseka pakamwa ndi mawu akuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ena amasunga mawuwo n'kudzawatulutsa tsiku lomwe mwakangana za munda.

Amene anandipatsa nzeru ya kope ndi mayi wina wa kumpingo kwathu, namwino wopuma pantchito yemwe anaphunziranso uphungu. Tinakumana ku msika wa Kapata, iwo akusankha kapenta. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bambo a mapasa, mwatha thupi. Mukugona?" Ndinayankha mozemba. Iwo anati, "Inu ntchito yanu ndi yolemba. Gulani kope, muzilemba zomwe simungauze munthu. Mudzadutse kunyumba ndikuuzeni kalembedwe kake." Mawu omalizawo sindinawatenge. Ndinaganiza kuti kulemba n'kulemba, munthu wa zaka zanga sangachite kuphunzitsidwa.

Ndinagula kope lachikuto cholimba, longa lomwe timalembamo katundu, ndipo usiku womwewo onse atagona ndinakhala pabalaza ndi tochi. Pamwamba pa tsamba ndinalemba kuti, "N'chifukwa chiyani sindinapite?" Ndinalemba mpaka tambala woyamba. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi, masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinawerenga zomwe ndinalemba, ndipo ndinapeza kuti masamba 19 onsewo akunena chinthu chimodzi, mawu ake pafupifupi omwewo: ndikanapita, ndikanatumiza ndalama ya galimoto, ndine mwana wotani ine. Tulo tomwe tinatsala tija tinatheratu. Apa ndi pomwe ambiri amataya kope n'kunena kuti zolemba sizithandiza, ndipo ine ndinatsala pang'ono.

Ndinapita kwa amayi aja ndili wokwiya ndithu. Sanapemphe kuwerenga, anangofunsa mafunso atatu: ndimalemba nthawi yanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo pamwamba pa tsamba ndimalembapo chiyani. Nditawauza anaseka pang'ono. "Mwadzitsegulira khoti usiku, inu nomwe woimbidwa mlandu, inu nomwe woweruza, mboni palibe. Mungapambane bwanji?"

Anandifotokozera kuti kalembedwe aka kali ndi pomwe kanachokera. Katswiri wina wa za maganizo wa ku Texas, ku America, James Pennebaker, anatulutsa kafukufuku mu 1986 momwe ophunzira a pa yunivesite ankalemba za chinthu chowawa chomwe chinawachitikira, mphindi 15 zokha patsiku, masiku anayi otsatizana. Omwe analemba zomwe zinachitika pamodzi ndi momwe anamvera mumtima anapita kuchipatala mocheperapo m'miyezi yotsatira poyerekeza ndi omwe analemba nkhani wamba. Koma atangomaliza kulemba ankamva chisoni kuposa poyamba. Chimene ndinagwira ine pa nkhaniyi ndi mphindi 15 zija. Ine ndinkalemba maola anayi.

Ndiye tinakonza zinthu zitatu. Nthawi inasintha: osati usiku pogona, koma ndikaweruka, cha m'ma 5 koloko madzulo, kuti pakati pa kulemba ndi kugona pakhale chakudya, phokoso la ana ndi nkhani za pa wailesi. Kutalika kunasintha: ndinkatchera alamu ya pafoni mphindi 15, ikalira ndimalize chiganizo chomwe ndili nacho n'kutseka, ngakhale nkhani itafika pokoma. Ndipo funso la pamwamba pa tsamba linasintha. Anandiletsa funso lililonse loyamba ndi "n'chifukwa chiyani", chifukwa pa imfa funso limenelo lilibe pothera, ukaliyankha limabereka linzake. M'malo mwake anandipatsa ziganizo zosamaliza, zoti ine ndingopitiriza. Choyamba chinali chaching'ono mpaka ndinachinyoza: "Lero ndakukumbukirani pamene..."

Ndinalemba kuti lero ndakukumbukirani pamene mayi wina wa ku Chiparamba anamasula mfundo ya pakona ya chitenje kuti alipire paketi ya mbewu ya chimanga. Ndalama zake zinali zopindapinda, zofunda, ndipo anaziwerenga kawiri akunyowetsa chala ndi malovu. Ndinalemba momwe Amama ankachitira zomwezo pondipatsa ya basi ndikamabwerera kusukulu, akuyang'ana uku ndi uku kuti atate asaone kuti andiwonjezera. Ndisanafike pansi pa tsamba misozi inayamba kugwera pa inki. Kanali koyamba chimwalirireni iwo. Alamu italira ndinatseka, ndinasamba kumaso pa mpope wa kuseri kwa sitolo, n'kukwera njinga kupita kunyumba. Usiku umenewo ndinadzukabe 3 koloko, koma ndinagonanso.

Ndazindikira kuti chiganizo chabwino choyambira ndi chomwe chimakutumiza ku chinthu chooneka ndi maso: tsiku limodzi, malo amodzi, mawu omwe munthu ananena. "Fungo lomwe limandikumbutsa inu ndi la..." linanditengera ku nkhwani wotendera wopsereza pang'ono pansi pa mphika. "Mawu omwe munkakonda kunena ndi akuti..." linandisekesa ndekha. Chiganizo choipa ndi chomwe chimafuna chigamulo, monga "Kodi ndinali mwana wabwino?" Chimenecho chimakubwezera kukhoti kuja.

Panalinso lamulo la mzere womaliza. Tsiku lililonse, alamu ikalira, ndinkamaliza ndi mawu akuti, "Ndikatseka kope ili ndikachita..." n'kutchula kanthu kamodzi kenikeni: ndikagula tomato, ndikapopa tayala, ndikaona homuweki ya mapasa. Zimaoneka zachibwana, koma mzere umenewu ndi chitseko. Popanda iwo umatseka kope koma mutu n'kumalembabe.

Nkhani ya Lachiwiri lija sitinaikhudze mpaka patatha masabata awiri. Amayi aja anati bala lalikulu salitsuka tsiku loyamba lomwe munthu waphunzira kugwira thonje. Itakwana nthawi yake anandiuza kuti ndijambule mzere pakati pa tsamba, monga timachitira m'buku la ndalama zolowa ndi zotuluka. Kumanzere ndilembe "Zomwe ndinkadziwa Lachiwiri masana", kumanja "Zomwe ndinadziwa pambuyo pake". Lamulo lake linali limodzi: chilichonse chomwe ndinachimva Lachinayi kapena kutsogolo kwake chisalowe kumanzere, ngakhale chikakamire bwanji.

Izi zinanditengera masiku anayi, mphindi 15 zomwe zija. Kumanzere kunalowa izi: Amama ali ndi zaka 68. Mutu umawawawa kawirikawiri nyengo yotentha, ndipo chaka chimenecho anali atadandaulapo kangapo n'kuchira. Anandiuza kuti mapiritsi akumwa. Mawu awo pafoni anali omveka bwino, lilime silinkalemera, ndipo anandifunsa mtengo wa feteleza wobereketsa. Mlongo wanga amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwa iwo. Abwana anali atanena kuti sabata imeneyo palibe wopita kutchuthi.

Kumanja kunalowa zomwe zinatuluka pamaliro ndi pogawa zovala. Mapiritsi anali atatha pafupifupi masabata atatu m'mbuyomo. Tsiku lokatenga ena linali litalembedwa pa khadi lawo la kuchipatala, lomwe tinalipeza m'Baibulo, koma sanapite chifukwa ankafuna amalize kaye kugalauza. Lachitatu anauza mnzawo wa m'Chigwirizano kuti dzanja likuchita dzanzi, n'kumupempha kuti asauze ana, angadere nkhawa. Ndinadziwanso pambuyo pake, kuchokera kwa amayi anamwino aja, kuti dzanzi la mbali imodzi, kukhota kwa pakamwa ndi kulemera kwa lilime ndi zizindikiro za sitiroko zofunika kuthamangira kuchipatala ola lomwelo, osadikira kuti kuche.

Nditayala tsambalo patebulo ndinaona chomwe ndinkachita miyezi itatu yonse. Ndinkatenga zakumanja n'kumupatsa munthu wa Lachiwiri uja, kenako n'kumuimba mlandu kuti bwanji sanachitepo kanthu. Koma iye analibe khadi lija m'manja, analibe nkhani ya dzanzi. Anali ndi mayi wodandaula mutu yemwe akufunsa mtengo wa feteleza.

Sindikufuna kunama kuti tsambalo linandiyeretsa. Pansi pake panatsala chinthu chimodzi chomwe sichinalowe mbali iliyonse: Lachitatu sindinawaimbire kuwafunsa kuti mutu uja uli bwanji. Foni ndinali nayo, mayunitsi analimo, ndinangoiwala chifukwa cha kutopa. Chimenecho ndi changa ndipo ndinachilemba momwemo. Ngati kuimbako kukanasintha kanthu, palibe angandiuze, mwina akanandibisira dzanzi lija monga anabisira mlongo wanga. Koma pali kusiyana pakati pa kusenza mawu akuti "ndinapha amayi anga" ndi kusenza akuti "sindinaimbe foni Lachitatu". Achiwiriwa ndi olemera, koma munthu amatha kuyenda nawo.

Zitatero m'pamene ndinalemba kalata. Chiganizo choyambira chinali chakuti, "Amama, chomwe sindinakuuzeni ndi chakuti..." Poyamba ndinachita nayo mantha. Ife tinakulira mu mpingo, ndipo kulembera munthu wakufa kunkandimvekera ngati kuitana mizimu. Ndinafunsa amayi aja, omwenso ndi mkulu wa mpingo, ndipo anandifunsa kuti, "Pamanda paja pamene alongo anu ankalira kuti 'Amama mwandisiyira yani', ankapembedza?" Ndinati ayi. "Ndiye inunso lirani, kungoti inu mukulira ndi bolopeni." Amene chikumbumtima chake sichimulola angathe kulemba za malemuwo m'malo molembera iwo, kapena kuilemba ngati pemphero. Ntchito yake ndi yomweyo.

Chomwe sindinayembekezere m'kalatamo ndi mkwiyo. Ndinayamba ndi kupepesa za foni ija, koma pofika pakati dzanja linali likulemba zina: munandinamiza. Ndinakufunsani za mapiritsi ndipo munandinamiza. Munasankha mizere ya chimanga kusiya ife. Ndinadinikiza bolopeni mpaka pepala kubooka. Kwathu munthu sakwiyira malemu, makamaka mayi ake, ndipo mawu amenewa sindikanawatulutsa pamaso pa munthu aliyense, ngakhale mkazi wanga. Tsamba limenelo ndinaling'amba n'kuliponya pa mbaula madzulo omwewo, pamodzi ndi lina lomwe ndinalembapo zoipa za mlongo wanga, zoti amakhala pafupi koma sanaone kuti botolo la mapiritsi lilibe kanthu. Phindu linali m'kulemba, osati m'kusunga. Tsamba loti likapezeka lingaphwasule banja, liwotcheni tsiku lomwelo.

Za kupezekazi ndili ndi umboni. Pofuna kubisa, ndinalemba pachikuto cha kope langa kuti "Ngongole", poganiza kuti palibe angafune kuliwerenga. Ndinaiwala kuti ndimagwira ntchito m'sitolo. Tsiku lina ndinalisiya pansi pa kauntala, ndipo mnyamata yemwe timagwira naye ntchito analitsegula kufuna kuona ngati mlimi wina anamaliza kulipira mankhwala a mbozi. Ndinamupeza ataima, kope lili m'manja, nkhope itagwa. Anangoti, "Pepani, akulu, sindimadziwa," n'kulibweza. Sanauze munthu, koma kwa masiku angapo ndinalephera kulemba momasuka, chifukwa ukadziwa kuti pali maso ena umayamba kulemba zokometsera. Kuyambira pamenepo kope limakhala m'sutukesi ya masatifiketi, yokhoma, ndipo mkazi wanga ndinamuuza poyera kuti muli kope la Amama, si la chibwenzi, koma ndikupempha asaliwerenge. Kunena choncho kunathandiza kuposa kubisa. Pafoni sindilembapo, chifukwa foni ya bambo m'nyumba ya ana ndi ya aliyense.

Kalata yachiwiri inali yobwera. Chiganizo chake: "Mukanandiyankha kuti..." ndipo ndinayenera kulemba m'mawu awo enieni, osati m'mawu a m'busa. Ndinaganiza kuti atuluka mawu okhululuka, ofewa. Koma Amama sanali munthu wa mawu ofewa. Chomwe chinatuluka n'chakuti: "Iwe, foni foni chiyani? Ukanaimba ndikanakuuza kuti ndili bwino, umandidziwa. Koma mtedza uja ndinakutumizira kuti adye makoswe? Ndinakumba ndekha ndi msana uno." Ndinaseka mpaka kutsokomola. Loweruka lake ndinamasula mfundo ziwiri zija. Mapasa anasenda, mayi awo anakazinga wina, wina anasinja. Kansalu kaja ndinakaika pakati pa masamba a kope.

Amayi anamwino anandiuzanso kuti Pennebaker ndi anzake, powerenga zolemba za anthu, anaona kuti omwe ankapindula ndi omwe nkhani yawo inkasuntha tsiku ndi tsiku. Mawu monga "ndazindikira" ndi "tsopano ndikumvetsa" ankachuluka, ndipo wolembayo ankatha kuchoka pa "ine, ine" n'kuonako ndi maso a munthu wina. Ichi ndicho chinakhala muyeso wanga. Lamlungu lachiwiri lililonse ndinkawerenga zomwe ndalemba, pensulo ili m'manja, n'kudula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chomwe chabwerezedwa osasintha. Masamba 19 oyamba aja akanakhala mizere yokhayokha. Ngati chiganizo chimodzi chabwera katatu, ndinkadziwa kuti pamenepo sindikulira, ndikungozungulira ngati ng'ombe ya pachingwe, ndipo ndinkasintha funso kapena kupuma masiku angapo.

Muyeso wina unali wa manambala, poti ndine kalaliki. Pakona ya tsamba ndinkalemba kulemera kwa mtima kuyambira 0 mpaka 10 ndisanayambe, kenako nditamaliza, kenako m'mawa mwake. Ya pakatiyo imakwera nthawi zambiri, ndipo zimenezo si vuto. Tsiku la mzere wa pakati lija ndinayamba pa 6, ndinamaliza pa 9, m'mawa ndinali pa 5. Yoyang'ana ndi ya m'mawa. Ikakhala pamwamba kuposa poyambira masiku atatu otsatizana, funso limenelo lakula msanga, libwezeni, mubwerere ku zing'onozing'ono monga fungo la nkhwani.

Si masiku onse omwe ndinkalemba za Amama. Imfa imasiya chisoni, komanso imasiya ntchito, ndipo ntchitozo nazo zimadzutsa munthu usiku. Kunali munda wawo, mbuzi zisanu, ndi mdzukulu wamasiye yemwe ankamulera, wa giredi 6. Akatswiri awiri a ku yunivesite ya Utrecht, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, analongosola mu 1999 kuti wofedwa amayenda uku ndi uku, nthawi ina kuyang'anizana ndi imfayo, nthawi ina kuiika pambali n'kukonza moyo womwe watsala, ndipo kusinthanasinthana kumeneku ndiko kwabwino. Agogo athu ankadziwa zomwezo popanda buku, n'chifukwa chake pa siwa pamakhala olira ndi ophika, ndipo wolira uja nthawi ina amadzuka kukasonkhezera moto. Ndiye masiku ena chiganizo changa chinkakhala chakuti, "Ntchito yomwe yandigwera chichokereni inu ndi..." Pa tsamba lotero m'pomwe ndinaganiza zoti mwana uja amalize chaka kwa mlongo wanga, abwere kuno ku tauni mu Januwale, m'malo momuzula pakati pa temu monga ndinkafunira poyamba chifukwa chodziimba mlandu.

Ndinkalemba katatu kapena kanayi pa sabata kwa miyezi iwiri, kenako kamodzi, kenako pokhapokha china chikandikhudza. Panali sabata zomwe sindinalitsegule n'komwe, ndipo palibe chinaonongeka.

Ndisakunamizeni kuti kope ndi mankhwala a aliyense. Ofufuza omwe anayesa kulemba kotere pa anamfedwa sanapeze kuti kumathandiza onse. Mlongo wanga ndinamugulira lake, analembamo theka la tsamba n'kulipereka kwa ana. Iye amalira poimba, Lachinayi ku Chigwirizano, ndipo zikumuyendera. Ine linandithandiza chifukwa ndinali ndi chinthu chimodzi chomwe ndinkachibisa, ndipo ndinalibe pochitulutsira.

Lilinso ndi pomwe limalekeza. Amayi aja anandiuza poyambirira pomwe kuti ndikayamba kuganiza zodzipha kapena zotsatira Amama, ndikayamba kufuna mowa kuti ndigone, kapena ndikamaona chithunzi cha iwo ali pabedi la kuchipatala chikubwera chokha masana mpaka thukuta, nditseke kope ndipite kwa munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limawerenga ngati matenda chisoni chomwe chapitirira miyezi isanu ndi umodzi chikadali champhamvu moti munthu akulephera ntchito ndi kukhala ndi anzake, kupyola momwe mwambo wa kwawo umayembekezera. Zikafika apo, kuchipatala kuli anamwino ndi madokotala oona za maganizo, ndipo kuno ku Zambia nambala ya Lifeline, 933, ndi yaulere. Yemwe wafedwa pangozi yoopsa kapena m'bale wake anadzipha asayambe yekha ndi tsamba la mzere pakati lija, akhale ndi phungu pafupi.

Novembala atabweranso, sitolo itadzaza ngati kale, Lachiwiri la sabata yachiwiri ndinapempha ola limodzi masana. Ndinakwera njinga mpaka kumunsi kwa phiri la Kanjala, ndinakhala pamwala, ndipo ndinalemba pansi pa mawu akuti, "Chaka chino mwaphonya izi..." Ndinawauza kuti mmodzi wa mapasa wathyoka dzino, kuti mbuzi ija yamawanga inaswa awiri, kuti feteleza wobereketsa wakweranso mtengo. Ndinawauzanso kuti ndinagula makina oyezera magazi, ndipo amalume ndikapita kumudzi sindiwafunsanso ngati akumwa mapiritsi, ndimati anditulutsire botolo ndiwerenge ndekha, ngakhale amanyinyirika.

Nambala yawo ikadali m'foni mwanga. Kope latsala ndi masamba 12, ndipo atatu mwa amenewo ndalembamo kale za chiliza chomwe tikufuna kumanga tikakolola: matumba a simenti, mchenga wa kudambo, njerwa zomwe mlamu wanga walonjeza kuwotcha, ndi mayina a abale omwe anena kuti asonkha, aliyense ndi ndalama yake pambali. Awiri sanaperekebe.